Tinagwirizana chiyani, achite ndani, pofika liti?

Tsegulani kope la maminitsi la komiti iliyonse, kaya ndi ya sukulu, ya mjigo, ya mpingo kapena ya bungwe lalikulu mumzinda, mupeza masamba odzaza mpaka m'mphepete. Mlembi walemba amene anatsegula ndi pemphero, amene anabwera, amene anatumiza mawu opepesa, komanso zimene aliyense ananena. Koma pakapita milungu iwiri, funsani mamembala atatu paderapadera kuti msonkhano uja unamanga mfundo zotani ndipo akuyendetsa ndani. Woyamba akuuzani kuti nkhaniyo ili kwa wapampando, wachiwiri kuti akudikira msungichuma, wachitatu kuti iye anamva ngati adzakambirananso. Palibe amene akunama. Zonse zitatu zikhoza kupezeka m'kopemo, chifukwa mlembi analemba mmene nkhani inayendera ndipo pamene inathera panakwiririka.

Pali malo pamene kulemba mawu onse kumafunikadi. Ku Nyumba ya Malamulo zolankhula za aphungu zimalembedwa zonse m'buku lotchedwa Hansard, ndipo pali anthu olembedwa ntchito yokhayo. Komiti ya anthu khumi yokumana m'kalasi Loweruka masana ili ndi chosowa china. Mu 1876 msilikali wina wa ku Amereka, Henry Martyn Robert, anatulutsa buku la malamulo oyendetsera misonkhano lomwe mabungwe ambiri akugwiritsabe ntchito mpaka lero, ndipo langizo la bukulo pa maminitsi ndi loti azisunga makamaka zimene msonkhano wachita, osati zimene anthu anena. Ine ndimagwirizana nalo, ngakhale ndikudziwa kuti kwathu kuno munthu amakondwa kumva dzina lake likuwerengedwa kuti naye anayankhulapo. Maminitsi aatali angathe kukhalapo ndithu. Chofunika n'chakuti pambali pake patuluke pepala lina lalifupi lonena zinthu zitatu: chimene chagwirizanidwa, amene achite, ndi tsiku lomaliza.

Kuti tione mmene pepalalo limatulukira, tiyerekeze komiti yoyendetsa sukulu ina ya pulayimale yomwe yakumana Loweruka pa 11 Okutobala. Mlembi walemba chonchi:

"Nkhani ya denga. A hedi anafotokoza kuti mphepo inasasula denga la kalasi ya Sitandade 3 ndipo ana akuphunzirira pansi pa mtengo. Anati malata 14 apindika moti sangagwirenso ntchito, koma ena ali bwino. Membala wina anati wolakwa ndi mmisiri amene anakhoma dengalo chifukwa anagwiritsa ntchito misomali yaifupi. Wina anati tisalimbane ndi zakale. Msungichuma anati ku akaunti kuli ndalama koma sakudziwa ngati zingakwane. Mayi wina anati makolo asonkhe K1,000 khomo lililonse ndipo ena anavomera. Kunanenedwa kuti ndi bwino kupempha thandizo kwa khansala. Wapampando anati amenewo ndi maganizo abwino. Kenaka bambo wina anati ino ndi nthawi yogula feteleza, anthu alibe ndalama. Atakambirana anagwirizana kuti makolo asasonkhe ndalama koma adzabwere kudzathandiza ntchito tsiku lokhoma. Anagwirizananso kuti pagulidwe malata atsopano ndi ndalama za ku akaunti, ndipo mitengo yake ifunsidwe m'masitolo atatu. Mafumu adziwitsidwe. Zonsezi zichitike mvula isanagwe. Nkhani zina: a hedi anati choko chatsala pang'ono. Wachiwiri kwa wapampando anati akudziwa mmisiri wabwino ndipo angathe kumufunsa. Msonkhano unatsekedwa ndi pemphero."

Maminitsi amenewa si oipa. Ndi oona, ndipo zonse zofunika zilimo. Koma mukawasiya chonchi, mvula idzapeza ana aja ali pansi pa mtengo womwewo.

Choyamba ndi kuwerenga mpaka kumapeto cholembera chili pansi. Anthu sakambirana molunjika ngati mmene ajenda yalembedwera. Nkhani imapita, n'kubwerera, n'kudzathera pena. Mlembi wothamanga akafika pamene palembedwa kuti "ena anavomera" adzalemba msanga kuti makolo asonkhe K1,000, pomwe mizere ingapo pansi pake msonkhano unasintha maganizo. Mfundo yolemba ndi yomaliza. Taonaninso kumene nkhani ya mmisiri yabisala: ili pansi penipeni, pamodzi ndi choko, m'nkhani zina. Yemwe analankhula anaikumbukira anthu atayamba kale kusuntha mipando, koma ndi gawo la nkhani ya denga, ndipo popanda iyo malata adzagulidwa n'kuunjikidwa mu ofesi ya a hedi.

Pa kuwerenga kwachiwiri, tengani cholembera ndipo chiganizo chilichonse muchifunse kuti ndi chamtundu wanji. Zina ndi uthenga chabe: denga lasasuka, malata 14 apindika, choko chatsala pang'ono. Zina ndi madandaulo, monga za misomali yaifupi. Zina ndi maganizo amene wina anapereka. Zochepa zokha ndi mfundo zomangidwa. Povuta ndi posiyanitsa ganizo ndi mfundo, chifukwa m'maminitsi zimaoneka zofanana. Njira yomwe ndimaikhulupirira ndi iyi: munthu atadzuka mawa n'kukachita chinthucho m'dzina la komiti, kodi pali membala amene angamufunse kuti "wakutumani ndani?" Ngati alipo, ndiye kuti mfundo sinamangidwe.

Yesani funsoli pa nkhani ya khansala. Wapampando anati ndi maganizo abwino, basi. Mawu amenewa kawirikawiri amakhala ulemu kwa amene walankhula, njira yomuthokozera n'kupitiriza nkhani. Palibe pamene palembedwa kuti msonkhano unavomereza kulemba kalata, kupempha zingati, kapena kupempha chiyani. Mlembi akakhala pansi n'kulemba kalata kwa khansala, a hedi akhoza kudabwa, mwinanso kukhumudwa kuti nkhani ya sukulu yawo yafika kwa andale asanaidziwitse ofesi ya mlangizi wa maphunziro. Choncho nkhani ya khansala siilowa pa mndandanda wa ntchito. Siitayidwanso. Ikhala pansi pa pepala, pa kachigawo ka nkhani zosamalizika, kuti wapampando aione n'kunena ngati ibwere pa ajenda yotsatira. Za misomali nazo sizilowa. Kudzudzula mmisiri wakale pa pepala loyenda m'manja mwa anthu ambiri n'kuputa mlandu, pomwe komiti sinagamule chilichonse pa iye. Ngati pali phunziro loti misomali ikhale yoyenera, mmisiri watsopano ndiye adzanene polemba zofunika kugula.

Mukasefa chonchi, tsamba lonse lija lasanduka mfundo zinayi: malata agulidwe ndi ndalama za ku akaunti, mitengo ifunsidwe m'masitolo atatu, makolo athandize ndi manja osati ndalama, mafumu adziwitsidwe. Ambiri amaimira pomwepa, n'kuzilemba mwaukhondo, n'kuona ngati ntchito yatha. Koma mfundo si ntchito. "Pagulidwe malata" ndi chiganizo chimodzi chomwe mkati mwake muli maulendo angapo a anthu osiyanasiyana. Wina akafunse ku banki kuti ndalama zilipo zingati. Mmisiri akwere padenga kukayeza kutalika kwa malata ndi kuona ngati matabwa sanathyoke, chifukwa 14 ija ndi mmene a hedi anaonera ali pansi. Wina akayende m'masitolo ndi miyezoyo. Ena akhale pansi asankhe sitolo. Osayinira cheke apezeke tsiku limodzi. Katundu anyamulidwe kufika pasukulu. Ntchito iliyonse ilembedwe payokha, iyambe ndi mawu a chochita monga kufunsa, kuyeza, kutenga, kugula, ndipo ikhale yoti munthu akafunsidwa ayankhe kuti zatheka kapena sizinatheke. Ntchito yolembedwa kuti "kuyang'anira nkhani ya denga" ilibe tsiku limene munthu anganene kuti waimaliza.

Pogawa chonchi ndi pamene mabowo amaonekera. Msonkhano unati mitengo ifunsidwe m'masitolo atatu, koma sunanene amene adzasankhe pakati pa atatuwo. Kodi ndi komiti yonse, yomwe mwina siikumananso mwezi usanathe? Kodi ndi wapampando yekha? Sunanenenso za malipiro a mmisiri ndi za thiransipoti. Zimenezi ndi ndalama, ndipo mlembi alibe mphamvu yozivomereza.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo ndipempha alembi andimvetse. Ntchito yanu ndi kuonetsa mabowo, osati kuwatseka nokha. Chiyeso chimakhala chachikulu, makamaka kwa mlembi wanzeru amene akuona bwino zoyenera kuchitika. Amalemba dzina la munthu amene akumudziwa kuti ndi wachangu, amaika tsiku lomwe akuona kuti n'loyenera, pepala n'kuoneka lokongola lopanda mpata. Koma pepala lotero likunena zimene msonkhano sunanene. Tsiku limene zinthu zidzasokonekere, munthu uja adzati "ine sindinavomere zimenezo," ndipo adzakhala akunena zoona. Kuyambira pamenepo palibenso adzakhulupirire zolemba za mlembiyo, ngakhale zolondola. Pamene palibe dzina, siyani mpata ndi chizindikiro cha funso, ndipo mupite nazo kwa wapampando mawa lake lomwe nkhani ikadali m'mutu.

Tiyeni tione za eni ntchito. Werenganinso maminitsi aja ndipo muone mawu awa: pagulidwe, ifunsidwe, adziwitsidwe, zichitike. Onse akunena chochitika popanda wochita. Pamsonkhano timalankhula chonchi mwadala, chifukwa kuloza munthu wamkulu pagulu kuti "inuyo mukachite" kumamveka ngati mwano. Aliyense amagwedeza mutu pokhulupirira kuti ntchitoyo ikugwera wina. Paliponse pamene mwapeza mawu otere, dulani mzere pansi, chifukwa pamenepo pakusowa dzina.

Dzinalo likhale limodzi. "Komiti" si mwini ntchito, "makolo" si mwini ntchito, ndipo mayina awiri pa mzere umodzi nthawi zambiri amatanthauza kuti aliyense adikira mnzake. N'zoona kuti mutu umodzi susenza denga, koma pamafunika munthu mmodzi woitana osenzawo ndi kuwauza tsiku. Mwini ntchito sindiye amene agwire zonse ndi manja ake. Ndi amene tidzamufunse. Pa nkhani ya mafumu, mwini ntchito si a gulupu kapena a nyakwawa, chifukwa komiti ya sukulu siingaikire mfumu tsiku lomaliza. Mwini ntchito ndi membala amene apite kwa mfumu kukapereka uthenga ndi kupempha kuti anthu amemedwe. Chimodzimodzi mmisiri: sanali pamsonkhano, sanavomere kanthu, choncho dzina lolemba ndi la amene akamupeze. Lamulo lomweli likhudza membala amene anajomba. Musamupatse ntchito iye kulibe n'kuyembekeza kuti adzaiona pa pepala.

Ntchito zina mwini wake amadziwika ndi udindo. Kufunsa ndalama za ku akaunti ndi kwa msungichuma, palibe angatsutse. Koma za wachiwiri kwa wapampando n'zosiyana. Iye anati "angathe kumufunsa" mmisiri, ndipo palibe anamuyankha. Kudzipereka kumeneku kuli m'malere. Iye akhoza kuganiza kuti poti sanayankhidwe ndiye kuti sizinafunike, pomwe ena onse akuganiza kuti nkhani ya mmisiri yatha. Foni ya mphindi ziwiri yochokera kwa wapampando imakonza zimenezi, ndipo mlembi alembe dzinalo foniyo itaimbidwa.

Tsopano masiku. "Mvula isanagwe" ndi mawu omveka kwa aliyense, koma sali pa kalendala. M'madera ambiri a kum'mwera ndi pakati mvula yodzalira imayamba cha mu Novembala, mwina kuchedwerako, ndipo chizimalupsa chikhoza kubwera msanga kuposa pamenepo. Mawu ngati "posachedwa," "mwamsanga" kapena "mwezi uno" ali ndi vuto lomwelo. Ngakhale "pofika msonkhano wotsatira" ndi tsiku lonyenga, chifukwa msonkhano umasunthidwa kukagwa maliro, ndipo ntchito zonse zimasunthira nawo limodzi. Kuwonjezera apo, aliyense amayamba kuthamanga usiku woti mawa ndi msonkhano, pomwe ntchito zina zimadikira zinzake.

Njira yabwino ndi kuyambira kumapeto n'kumawerenga chobwerera. Tinene kuti wapampando ndi a hedi agwirizana kuti denga likhale litatha pofika Loweruka pa 8 Novembala. Mmisiri akufuna masiku atatu, ndipo ndi nzeru kusiyako masiku awiri a mwina, choncho ayambe Lachiwiri pa 4. Kuti ayambe, malata akhale atafika Lachisanu pa 31 Okutobala. Kuti agulidwe, ndalama zitengedwe Lachiwiri pa 28. Kuti zitengedwe, sitolo ikhale itasankhidwa Loweruka pa 25, ndipo mitengo ikhale itabwera Lachinayi pa 23. Mitengo siingafunsidwe popanda miyezo, ndiye mmisiri ayeze pofika Loweruka pa 18. Mukawerenga chonchi mumaona kuti mvula yomwe imaoneka ngati ili kutali yasiya mlungu umodzi wokha wa ntchito yoyamba. Mumaonanso chifukwa chosafunsira mitengo msanga kwambiri: mitengo ya zipangizo zomangira imasintha, ndipo pepala la sitolo la milungu itatu yapitayo likhoza kukanidwa pa kauntala.

Lembani tsiku la mlungu pamodzi ndi deti, ndipo muyang'ane kalendala. Mlembi akanalemba kuti msungichuma apite ku banki pa 15 Okutobala, akanamutuma ulendo wachabe, chifukwa limenelo ndi tsiku la anakubala ndipo mabanki amakhala otseka. Ganizirani tsiku la msika, tsiku la sikelo, Lachisanu masana kwa Asilamu ndi Loweruka kwa a Sabata. Tsiku limene mwini ntchito sanalivomere ndi pempho chabe, choncho mufunseni, ndipo akanena kuti sangathe, ndi bwino kudziwa lero.

Wapampando atayankha mafunso onse ndipo eni ntchito atavomera, pepala likhala chonchi. Pano ndalemba maudindo chifukwa ndi chitsanzo, koma pa pepala lenileni lembani dzina la munthu.

1. Kufunsa ku banki ndalama zomwe zilipo ndi kudziwitsa wapampando: msungichuma, Lachinayi pa 16 Okutobala.
2. Kubweretsa mmisiri kudzayeza denga, kulemba zofunika kugula ndi kutchula malipiro ake: wachiwiri kwa wapampando, Loweruka pa 18 Okutobala.
3. Kutenga mitengo yolembedwa m'masitolo atatu: a hedi, Lachinayi pa 23 Okutobala.
4. Kuitanitsa komiti kuti isankhe sitolo ndi kuvomereza ndalama za mmisiri ndi thiransipoti: wapampando, Loweruka pa 25 Okutobala.
5. Kusonkhanitsa osayinira ndi kutenga ndalama: msungichuma, Lachiwiri pa 28 Okutobala.
6. Kugula malata, kuwafikitsa pasukulu ndi kupereka malisiti kwa msungichuma: a hedi, Lachisanu pa 31 Okutobala.
7. Kukaonana ndi mafumu kuti amemeze makolo kudzathandiza kuyambira pa 4 Novembala: wapampando, Lachisanu pa 31 Okutobala.
8. Kuonetsetsa kuti denga lakhomedwa ndi kudziwitsa komiti: wachiwiri kwa wapampando, Loweruka pa 8 Novembala.
Zosamalizika: kupempha thandizo kwa khansala, choko.

Taonani mzere wachinayi. Msonkhano wa pa 25 uja m'maminitsi munalibe. Wabadwa chifukwa mlembi anafunsa kuti adzasankhe sitolo ndani, ndipo wapampando anaona kuti nkhani ya ndalama sangaigamule yekha. Akanapanda kufunsa, mitengo ikanabwera pa 23 n'kugona m'dirowa. Taonaninso kuti mayina akubwerezabwereza, anthu anayi okha pa komiti yonse. Mndandanda umaulula zimenezi mosabisa. Pa ntchito ya milungu inayi n'zopiririka, koma ngati mwezi ndi mwezi mayina ali omwewo, wapampando ayenera kufunsa kuti mamembala ena akubwerera chiyani, ndiponso kuti zidzatha bwanji mmodzi wa anayiwa akadwala.

Pepalali lifike kwa anthu pasanathe masiku awiri kapena atatu. Likachedwa mlungu, tsiku loyamba limakhala litadutsa. Makomiti ambiri masiku ano ali ndi gulu la pa WhatsApp, ndipo mndandanda waufupi chonchi umawerengeka bwino pafoni kusiyana ndi chithunzi cha masamba anayi olembedwa pamanja. Koma kutumiza pagulu sikutanthauza kuti mwini ntchito wamva. Ena alibe foni yotere, ena amakhala masiku angapo opanda bandulo. Aliyense amene dzina lake lalembedwa auzidwe payekha, ndipo ayankhe. Samalaninso ndi zimene mukuika pagulu. Mayina a amene ali ndi ngongole, nkhani ya mwambo ya mphunzitsi kapena ya mwana, ndi tsiku lenileni limene munthu anyamule ndalama kuchokera ku banki, izi zipite kwa okhudzidwa okha.

Mndandanda sulowa m'malo mwa maminitsi. Maminitsi osayinidwa ndiwo umboni wa komiti. Banki imawafuna posintha osayinira akaunti, owerengera ndalama amafuna kuona pamene kugula kunavomerezedwa, ndipo pakadzabuka mkangano chaka chamawa woti n'chifukwa chiyani makolo sanasonkhe, chifukwa chake chidzapezeka m'maminitsi, osati pa mndandanda. Choncho ziwirizi zisatsutsane. Zimene wapampando wawonjezera msonkhano utatha, monga mayina ndi masiku, zikanenedwe pa msonkhano wotsatira kuti zilowe m'kope.

Ntchito yonseyi imachepa kwambiri ngati mphindi khumi zomaliza za msonkhano zisungidwira mlembi. Pemphero lotsekera lisanachitike, iye awerenge mokweza mfundo iliyonse, n'kufunsa kuti atenge ndani ndipo pofika liti, wapampando n'kudikira mpaka wina atayankha ndi pakamwa pake. Anthu amakhala atatopa, ena akuyang'ana dzuwa, koma mafunso amene akanafuna mafoni asanu ndi ulendo wa kunyumba kwa wapampando amayankhidwa pomwepo onse akumva. Nkhani ya khansala ija ikanathera pamenepo, kuti inde kapena ayi.

Msonkhano wotsatira uyambe ndi mndandanda womwewo, mzere ndi mzere, mwini ntchito n'kuyankha kuti zatheka, sizinatheke, kapena zinthu zasintha. Zimene zatheka zidulidwe. Zimene sizinatheke zipatsidwe tsiku latsopano, koma tsiku lakale lisafufutidwe, lizioneka pambali pake. Mzere ukafika pokhala ndi masiku atatu, kuwonjezera lachinayi sikuthandiza. Nthawi zambiri chimakhala chimodzi mwa izi: ntchitoyo ndi yaikulu ndipo ikufunika kugawidwanso, mwini wake akudikira chinthu chomwe sichinalembedwe, kapena komiti sinaifune kwenikweni kuyambira pachiyambi. Wapampando afunse kuti mwa zitatuzi ndi chiti, ndipo ngati ndi chomalizacho, komiti ivomereze poyera kuti ntchitoyo yasiyidwa, mlembi alembe chomwecho m'maminitsi ndi deti lake.